Ntchito ya penti woyera pa nyumba ya ku Dedza: zolemba za Juni mpaka Okutobala

9 Juni

Nyumbayi ili pafupi ndi boma la Dedza. Mbali yakale ili ndi pabalaza, khitchini, bafa ndi kolido yopanda zenera. Mbali yatsopano ndi zipinda ziwiri zogona zimene pulasitala wake watha sabata yatha. Eni nyumba akufuna mkati monse moyera, koma atopa ndi zimene zinachitika ulendo wapitawo: zitseko zinasanduka zachikasu, siling'i ya pabalaza inatuwa, ndipo kolido ikuoneka ngati inapentedwa ndi phala la mgaiwa.

Tisanagule chitini chilichonse tayamba tafufuza chimene chinasintha mtundu pamalo palipose, chifukwa chikasu cha pachitseko ndi kutuwa kwa pasiling'i sizichokera kumodzi. Tinayesa zinthu zinayi zosafuna ndalama zambiri.

Choyamba ndi pepala loyera losalembapo, loika pakhoma. Ngati pepalalo nalo likuoneka lotuwa kapena lachikasu, vuto ndi kuwala kwa m'chipindamo, penti alibe mlandu. Chenjezo limodzi: mapepala osindikizira amawaika mankhwala owalitsa opendekera ku buluu, choncho khoma lililonse limaoneka lakirimu pang'ono pambali pake. Musatsutse khoma chifukwa cha kusiyana kochepako.

Chachiwiri ndi kansalu konyowa ka sopo. Pasiling'i ya pabalaza kansaluko kanabwera kakuda, kusonyeza kuti ndi mwaye wa mbaula ndi makandulo. Chachitatu ndi dontho la mankhwala oyeretsera zovala aja a bulichi pa timadontho takuda ta m'bafa. Patapita mphindi zochepa tinazimiririka, ndiye ndi chuku. Mwaye sutha ndi bulichi. Chachinayi ndi thonje loviika mu sipiriti wofiirira uja, kupukuta pachitseko. Penti wa madzi amafewa n'kutsalira pathonje, penti wa mafuta sasuntha. Zitseko, mafelemu ndi makoma onse a kolido sanasunthe: onse ndi gulosi wa mafuta.

Apa ndi pamene pagona nkhani ya kolido. Gulosi wa mafuta amauma pomwa mpweya, ndipo mafuta akewo sasiya kusintha ngakhale atauma, amapitiriza kupanga mtundu wachikasu. Dzuwa limaufafaniza mtunduwo pamene ukupangika, n'chifukwa chake felemu la zenera lakhala loyera pamene mkati mwa kabati, kuseri kwa chitseko ndi m'kolido yamdima mwasanduka chikasu. Tinachotsa kalendala yakale pakhoma la kolido, ndipo kuseri kwake kunali kwachikasu kuposa pozungulira. Likadakhala dothi kapena utsi, malo obisikawo ndiwo akadakhala oyera. Kutentha kumafulumizitsa vutoli, ndipo mankhwala otsukira okhala ndi amoniya nawonso amatero.

11 Juni

Tagula zitini zazing'ono za lita imodzi za penti wa madzi wa akiriliki, mitundu itatu ya zoyera. Tikuitchula motere m'zolembazi: A ndi woyera mbee, wosasakaniza kanthu. B ndi woyera wopendekera ku kirimu pang'ono kwambiri, ngati mkaka. C ndi woyera wokhala ndi kaphulusa pang'ono. Tagulanso kachitini ka gulosi wa mafuta ndi ka gulosi wa madzi.

Sitinapake pakhoma mwachindunji, chifukwa mtundu wakale wozungulira umanamiza diso. Tadula matabwa opyapyala atatu, lililonse masentimita 60 mbali zonse, tapaka pulayima, penti woyambira pansi uja, kenaka makoti awiri. Mathabwawa tizinyamula kuchoka chipinda china kupita china. Kakhadi ka mitundu ka m'sitolo n'kochepa ngati chala, ndipo mumakaona pansi pa magetsi a m'sitolomo, osati a kwanu.

Tapakanso timatabwa tiwiri, kena gulosi wa mafuta kena gulosi wa madzi. Tikauma tidzadula kalikonse pakati, theka pawindo, theka m'kabati yotseka. Tidzatsegula kumapeto kwa Julayi.

24 Juni

Masabata awiri oyang'ana matabwa aja nthawi ya 8 koloko m'mawa, 12 koloko, 4 koloko madzulo ndi usiku magetsi atayaka.

Ku Dedza kuno, monga m'Malawi monse, dzuwa limadutsa chakumpoto miyezi yambiri ya chaka, makamaka nyengo yozizira ino. Limabwera pamutu chakumayambiriro kwa Novembala, n'kupendekera kummwera mpaka cha mu Febuluwale, kenaka n'kubwerera kumpoto. Malangizo ambiri amene anthu amawerenga analembedwera mayiko a kumpoto kwa dziko lapansi, kumene zenera lakumpoto ndilo lozizira. Kuno n'zotembenuka. Zenera loyang'ana kummwera ndilo limalandira kuwala kwa thambo kokha, kopendekera ku buluu, ndipo masiku a nkhungu kuwalako kumatuwiratu.

Pabalaza mazenera akuyang'ana kumpoto. A anali woyera mpaka kuthobwa m'maso masana. B anaoneka wachikasu ndithu cha m'ma 4 koloko. C ndi amene anakhala woyera wodekha tsiku lonse. Palinso chinthu china chimene kakhadi sikakanatiuza: pansi m'pa simenti yopaka polishi wofiira, ndipo dzuwa likagunda pansipo limabwezera kufiira m'munsi mwa khoma. A amatenga kufiirako n'kuoneka wapinki kufika m'mawondo, chifukwa alibe mtundu wakewake woti alimbane nako. Pa C sizinaonekere kwambiri.

Chipinda chogona chakummwera zinthu zinatembenuka. C anaoneka ngati pulasitala wosapenta. A anatuwa, makamaka m'makona. B, yemwe pabalaza anali wachikasu, muno ndiye anaoneka woyera weniweni, chifukwa kakirimu kaja kanathana ndi buluu wa kuwalako. Mayi a panyumbapa atalowa anafunsa kuti, "Achimwene, thabwa ili mwalisintha?" Linali lomwe lija.

Chipinda chakummawa chili ndi mtengo wa mapeyala pafupi ndi zenera, ndipo masamba amaponya kubiriwira pakhoma loyang'anana nalo. B anakubisa bwino kuposa anzake.

Usiku nkhani ndi mababu. Pakatoni ya babu pamalembedwa nambala yothera ndi K. Babu la 2700K kapena 3000K limatulutsa kuwala kwachikasu, la 4000K lili pakati, la 6500K n'lopendekera ku buluu, ndipo nyali zambiri za sola zili mbali imeneyo. Nyumbayi inali ndi mitundu yonse itatu mosakanikirana, moti khoma limodzi la kolido limaoneka mitundu iwiri. Pansi pa 2700K, B anasanduka kirimu weniweni. Pansi pa 6500K, C anakhala ngati khoma la m'chipatala. Tagwirizana kuti mababu onse akhale a 4000K, ndipo agulidwe penti asanagulidwe. Kusintha babu n'kotchipa kuposa kupentanso chipinda.

Chisankho chake: pabalaza C, zipinda zogona B, kolido B, khitchini ndi bafa A, siling'i zonse A wosawala. Ena akanakonda mtundu umodzi nyumba yonse kuti kukonza kuzikhala kosavuta. Zikatero tikanasankha B n'kulolera kuti pabalaza pazikhala pakirimu madzulo, chifukwa khoma lakirimu limaoneka ngati munafuna choncho, pamene lotuwa limaoneka ngati lakuda.

8 Julayi

Pulasitala wa zipinda zatsopano wakwanitsa masabata asanu, ndipo eni nyumba akufulumiza. Lamulo lodziwika ndi kudikira masiku 28, koma masiku amenewo amawerengedwa pa nyengo yabwino. Julayi wa ku Dedza, ndi nkhungu ya m'mawa ndi kuzizira kwake, khoma limachedwa kuuma. Tinamata pulasitiki woonekera, masentimita 45 mbali zonse, ndi tepi mozungulira osasiya mpata, m'munsi mwa khoma lakummwera, n'kusiya usiku wonse. M'mawa munali thukuta mkati mwa pulasitikiyo, ndipo pulasitala wa pamenepo anali wodera kuposa pozungulira. Khomalo silinaume.

Kupenta pakhoma lotere kumabweretsa zinthu ziwiri. Madzi akamatuluka amanyamula mchere wa mu simenti ndi njerwa n'kuusiya pamwamba ngati ufa woyera, umene umakankha penti kuti asendeke. Chachiwiri, simenti yatsopano ndi yaukali, ndipo ikakumana ndi penti wa mafuta imamufewetsa ngati sopo, n'kusiya mawanga omata a bulauni. Mchere umene watuluka kale tauchotsa ndi burashi youma. Osautsuka ndi madzi, umasungunuka n'kubwerera m'khoma. Mazenera akhala otsegula masana onse, ndipo tasamukira ku mbali yakale.

15 mpaka 26 Julayi

Kutsuka ndi kukonza mbali yakale. Siling'i ya pabalaza inali ndi mizere yooneka bwino: potsatira matabwa ogwira siling'i pali poyererapo, pakati pake pali potuwa, ndipo pamutu pa msomali uliwonse pali kadontho kakuda. Mwaye umakonda kumatirira pamalo ozizira. Pansi pa malata usiku bolodi imazizira kwambiri pamene palibe thabwa kuseri kwake, ndipo msomali umazizira kuposa zonse. Mbaula yowothera m'nyumba miyezi iwiri yokha imakwanira kujambula mizere imeneyi. Palibe mtundu wa penti woyera umene ungaletse zimenezi. Tawauza eni nyumba kuti mbaula iziyatsidwa panja ndipo isamasiyidwe m'chipinda chotseka, zomwe n'zofunikanso pa moyo wawo kuposa pa siling'i.

Tatsuka ndi madzi ofunda a sopo wa ufa, kutsukuluza kawiri, kusiya masiku awiri. Mwaye ukasiyidwa, lola wopakira penti amausakaniza ndi penti watsopano ndipo koti yoyamba yomwe imatuluka yotuwa.

Pakona ina pali banga la bulauni lozungulira, pomwe denga linkadontha. Denga lakonzedwa kaye. Banga lotere silibisika ndi penti wa madzi ngakhale mupake kasanu, chifukwa madzi a mu pentiyo amasungunula utoto wa bangalo n'kuukokera pamwamba pa koti iliyonse. Tapakapo pulayima wa mafuta wotsekera mawanga, makoti awiri, kupitirira malire a bangalo ndi masentimita 10. Misomali yochita dzimbiri taikhomera mkati pang'ono, kudonthezapo pulayima yemweyo, kenaka kutseka ndi fila. Apa penti wa mafuta ali pamalo pake: akhala pansi, ndipo chikasu chake sichidzaoneka.

M'bafa tatsuka chuku ndi gawo limodzi la bulichi m'magawo atatu a madzi, kusiya mphindi 20, kutsukuluza. Magolovesi m'manja, zenera lotsegula, ndipo bulichi asasakanizidwe ndi mankhwala ena aliwonse otsukira chifukwa mpweya wake ndi wapoizoni. Tabowolanso khoma pamwamba n'kuika njerwa ziwiri za mabowo kuti nthunzi izituluka. Penti wolembedwa kuti amaletsa chuku amangochedwetsa, bafa likapanda mpweya chimabweranso.

29 Julayi

Tatsegula kabati ija patapita masabata asanu ndi limodzi. Zidutswa za gulosi wa madzi, cha pawindo ndi cha mumdima, sizikusiyana. Za gulosi wa mafuta zikusiyana mukazigundanitsa: cha mumdima chayamba kale kupita ku kirimu. Zitseko zonse zamkati ndi makabati zipentedwa ndi gulosi wa madzi, kolido nayo ndi penti wa madzi. Mafelemu achitsulo a mazenera atsala pa gulosi wa mafuta pamwamba pa pulayima wofiira uja woletsa dzimbiri, chifukwa amaona dzuwa tsiku lililonse ndipo chitsulo chimatetezeka bwino ndi mafuta.

Gulosi wa madzi ali ndi zovuta zake. Sawala ngati wa mafuta, amauma msanga moti mizere ya burashi imatsala mukabwererabwerera pamalo amodzi, ndipo sagwira pa gulosi wakale wosalala. Zitseko tazikwecha ndi sandipepa wa nambala 180 mpaka kuwala konse kutatha, kupukuta fumbi, kupaka andakoti yogwira pa gulosi wakale, kenaka makoti awiri. Amauma pamwamba m'maola ochepa koma amalimba pakatha masabata awiri kapena kuposerapo, choncho zitseko zisatsekedwe mothina masiku oyamba, zimamatirira kufelemu.

12 Ogasiti

Pulasitiki yatuluka youma m'zipinda zatsopano. Tayamba kupenta, ndipo timagwira kuyambira 10 koloko mpaka 3 koloko madzulo basi. M'mawa wa kuno khoma limakhala lozizira kufika pansi pa madigiri 10, ndipo penti wa madzi sagwirana bwino pa kuzizira kotero, amatsala wa ufaufa ndipo amakoka dothi.

Kawerengedwe ka pabalaza kali motere. Chipindacho ndi mamita 5 m'litali, 4 m'lifupi, 2.7 kutalika. Kuzungulira ndi mamita 18, kuchulukitsa ndi 2.7 kumapereka masikweya mita 48.6. Kuchotsapo zitseko ziwiri ndi mazenera awiri, pafupifupi 7.4, kwatsala 41. Pakhoma losalala lopaka kale, lita imodzi imafika masikweya mita 9, ndiye koti imodzi ndi malita 4.6, makoti awiri ndi malita 9 ndi pang'ono. Tagula zitini ziwiri za malita 5. Tazithira zonse m'ndowa imodzi n'kuvundula tisanayambe, chifukwa zitini ziwiri za mtundu umodzi zimatha kusiyana pang'ono, ndipo pa zoyera kusiyanako kumaonekera pakati pa khoma. Siling'i ndi masikweya mita 20, chitini chimodzi cha malita 5 chakwanira makoti awiri.

Pulasitala watsopano amamwa kwambiri. Pulayima wa pulasitala, uja wopirira ukali wa simenti, anafika masikweya mita 6 kapena 7 pa lita. Ena amalumpha pulayima n'kupaka penti wa PVA wotchipa wosungunula ndi madzi ambiri, kapena laimu, ati kuti khoma likhute. Laimu amasanduka ufa pansi pa penti ndipo zonse zimadzasendeka pamodzi.

16 Ogasiti

Cholakwika choyamba. Khoma limodzi la chipinda chakummwera lauma lotuwa mwa mawangamawanga ngakhale lalandira makoti awiri a B. Pepala loyera pamenepo likuoneka loyera bwinobwino, ndiye si kuwala. Titafufuza tapeza kuti penti atayamba kulimba m'ndowa masana, munathiridwa madzi mongoyerekeza, pafupifupi malita atatu pa malita khumi. Chitini chimalola gawo limodzi pa magawo khumi, kutanthauza lita imodzi pa malita khumi, ndipo pa koti yoyamba yokha. Chimene chimabisa khoma mu penti woyera ndi ufa wa titaniyamu. Madzi akachuluka, koti imauma yopyapyala ndipo kutuwa kwa simenti kumaonekera kudutsa pulayima ndi penti yemwe. Ndi chifukwa chomwechonso penti wotchipa kwambiri amatuwa: titaniyamu amakhala wochepa, choko n'chochuluka. Ndowa ya malita 20 yotchipa yofuna makoti anayi imadya ndalama ndi masiku kuposa yabwino ya makoti awiri.

Tapakanso koti yachitatu yosathira madzi, kuchokera pakona kufika pakona. Kupaka pamawanga pokha kumasiya zigamba. Kuyambira lero madzi akuyezedwa ndi botolo la theka la lita, ndipo ndowa ikuvundikiridwa ndi nsalu yonyowa nthawi yopuma.

2 Seputembala

Cholakwika chachiwiri. Mashelefu atsopano a m'khitchini ndi a paini, matabwa opezeka mosavuta ku Dedza kuno, ndipo patangotha masabata awiri mfundo zake zatulukira ngati maso achikasu pa gulosi woyera. Ndi utomoni wa mu mfundo, umene kutentha kwa m'khitchini kwausungunula. Pulayima wamba wa matabwa sautseka. Takwecha mpaka pathabwa, kupukuta utomoni ndi sipiriti, kupaka mankhwala otsekera mfundo a shelaki makoti awiri pa mfundo iliyonse, kenaka andakoti ndi gulosi. Zikanachitika poyamba zikanatenga ola limodzi. Matabwa a paini osauma bwino amavuta kwambiri, mfundo zina zazikulu zimatha kudzatulukanso.

Makoma a khitchini alandira A wowala pang'ono, wotsukika. Kuwala kwa penti kuli ndi gawo lalikulu pa ukhondo kuposa mtundu wake. Wosawala ali ndi timabowo tosaoneka tomwe timasunga mafuta ndi fumbi, ndipo mukapukuta pamatsala chigamba chonyezimira. Wowala pang'ono amapukutika ndi nsalu yonyowa, koma amaonetsa mabampu onse a pulasitala, makamaka dzuwa likamenya khoma cham'mbali. N'chifukwa chake siling'i ndi zipinda zogona tasiya zosawala, pamene khitchini, bafa, kolido ndi pabalaza, pomwe manja a ana amafika, tapaka wowala pang'ono. Kuseri kwa chitofu, mita imodzi m'lifupi ndi masentimita 60 m'mwamba, paikidwa matailosi. Nthunzi ya mafuta ophikira imasandutsa penti aliyense chikasu pamalo amenewo.

14 Okutobala

Kuyendera patatha mwezi ndi theka, fumbi lili pachimake. Pabalaza C akadali woyera tsiku lonse. Fumbi lofiira lakhala pamwamba pa mafelemu ndi m'munsi mwa khoma pafupi ndi khomo lakunja, ndipo lachoka ndi nsalu youma. Liyambe lachotsedwa louma: mukayamba ndi madzi limasanduka matope n'kulowerera mu penti, makamaka wosawala. Zala za pafupi ndi maswichi zachoka ndi madzi a sopo pang'ono. M'munsi mwa makoma a kolido tajambula mzere wa masentimita 15 wa gulosi wa madzi wotuwa moderapo, chifukwa polishi wofiira wa pansi ndi chikolopa zinayamba kale kudetsa choyeracho.

Kolido ikuoneka yoyera pansi pa babu la 4000K. Tamata kachidutswa ka katoni pakhoma kuseri kwa chitseko, kuti pakatha chaka tidzachotse n'kuyerekeza ndi pozungulira. Penti wotsala tamuthira m'mabotolo ang'onoang'ono odzaza bwino, olembedwa chipinda, mtundu ndi nambala ya pachitini.

Zatsala ziwiri. Kuyambira Novembala dzuwa lidutsa chakummwera, ndipo chipinda chija chimene B anaoneka woyera chiyamba kulandira kuwala kofunda, choncho tidzayang'ananso mu Disembala ngati sakupitirira kirimu. Chinanso ndi m'munsi mwa khoma lakumadzulo la pabalaza, pomwe tapeza mzere wofooka wa bulauni masentimita 30 kuchokera pansi. Ukuoneka ngati wa chinyezi chokwera kuchokera m'nthaka, popeza dothi la kunja lili pamwamba kuposa pansi pa nyumba. Sabata ino tikumba ngalande ndi kutsitsa dothilo mvula isanayambe, ndipo talemba malire a mzerewo ndi pensulo kuti mu Januwale tidzaone ngati wakwera.